Kodi kumanga mutu ndi nsalu kumachiritsa mutu waching'alang'ala?

"Adokotala, ndine mayi wa zaka 34, ndimasoka zovala ku Ndirande. Mutu unandiyamba ndili mtsikana. Umagwira mbali imodzi, kugunda ngati mtima mpaka kusanza, ndipo kuwala sindikufuna n'komwe. Kale unkabwera kamodzi pamwezi ndikamayandikira kusamba, koma chaka chino pafupifupi tsiku lililonse ndimadzuka mutu uli wolemera, moti panado sachoka m'chikwama. Ukavuta ndimamanga kachitenje zolimba ndipo ndimapezako bwino. Apongozi anga akuti mitsempha yadzadza magazi oipa, andiperekeze akanditeme mphini m'litsipa. Bambo a kunyumba akuti ndi bipi, ndipo nsaluyo idzandiphulitsa mtsempha. Ndimvere ndani?"

Mayi, mtima m'malo. Nsalu siphulitsa mtsempha wa m'mutu. Ubongo uli m'kati mwa chigaza cholimba, ndipo mitsempha ikuluikulu yopititsa magazi kuubongo imadutsa m'khosi n'kulowera kunsi kwa chigazacho, kumene kachitenje kanu sikafika. Ngakhale mutakoka mfundo ndi mphamvu zanu zonse, chimene mukufinya ndi khungu, minofu ndi timitsempha ta kunja kwa fupa. Komanso mutu umene mwakhala nawo zaka zambiri chonchi, ukubwera mofanana n'kumachoka, kawirikawiri sukhala chotupa cha muubongo, chimene ndikudziwa kuti ambiri amaopa koma osachitchula. Zimene mwafotokozazi ndi chithunzi cha mutu waching'alang'ala. Sindinakupimeni, choncho kuchipatala mupitebe, koma mupite modekha.

Tiyambe ndi nsaluyo, chifukwa pamenepa anthu ophunzira amafulumira kuseka, pamene zoseketsa palibe. Mukati mumapezako bwino, ndikukhulupirirani. Odwala mutu waching'alang'ala m'maiko osiyanasiyana, amene sanaphunzitsanepo, amachita zomwezo: wina amakanikiza m'litsipa ndi zala, wina amatsamiritsa mutu kukhoma lozizira, wina amamanga duku kapena luzi. Madokotala anayesapo kuona ngati zimenezi zili ndi umboni. Mu 1993 dokotala wina wa ku America anapatsa odwala 25 lamba wotamuka, wokhala ndi timphira tokanikiza pamalo popwetekapo. Awiri anasiya chifukwa khungu la kumutu linkawawa kwambiri likakhudzidwa. Mwa otsalawo, mitu yambiri inachepa ululu lamba ali kumutu. Koma atamasula lambayo patatha mphindi 30, ululu unayambanso kukwera. Kafukufukuyo anali wamng'ono, ndipo panalibe gulu lina loyerekezera nalo, choncho sitingamangirepo nyumba. Komabe akugwirizana ndi zimene ndaona pa ntchito yanga: nsalu imaphimba ululu pa nthawi imene ili kumutu, koma matendawo amapitiriza ulendo wawo, wa maola 4 mpaka 72, ngati kuti palibe chachitika.

Nanga imaphimba bwanji? Taganizani za mwana amene wagunda chigongono patebulo. Asanalire n'komwe, dzanja lathamangira kale kukasisita. Uthenga wa kukhudza ndi kukanikiza umayenda m'mitsempha yothamanga kuposa ya ululu, ndipo ukafika pamalo pamene mauthengawa amakumanira, umachepetsa ululu wopitirira kuubongo. Asayansi awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, ndiwo anafotokoza zimenezi mu 1965, ndipo anaziyerekeza ndi chipata chimene chimatha kutsekeka pang'ono. Nsalu yanu ikutseka chipata chimenecho. Onjezani kuti munthu akamanga mutu amasiya ntchito, amagona m'chipinda cha mdima, ana amauzidwa kuti asasokose, ndipo aliyense woona duku lomangidwa pamphumi amadziwa kuti mayi sakupeza bwino. Zonsezi ndi mankhwala a mutu waching'alang'ala, ndipo mbali ina ya ulemu umene timapatsa nsalu ndi wa mdima ndi bata.

Maganizo a apongozi anu, oti vuto lili m'mitsempha yodzadza magazi, si achilendo kwa madokotala. Ifenso tinkaphunzitsa zofanana nazo kwa zaka zambiri. Mu 1938 madokotala awiri a ku New York, John Graham ndi Harold Wolff, anayeza kugunda kwa mtsempha wa m'litsipa mwa odwala mutu, ndipo anaona kuti mankhwala ochepetsa kugundako ankachepetsanso ululu. Kuyambira pamenepo mabuku ankati mutu waching'alang'ala umabwera chifukwa mitsempha ya magazi yafufuma. Makina ojambula m'mutu atapita patsogolo, nkhani inasintha. Mu 2013 ofufuza a ku Copenhagen anajambula anthu mutu uli m'kati mowapweteka, ndipo anapeza kuti mitsempha ya kunja kwa chigaza sinafufume. Lero tikudziwa kuti vutoli limayambira muubongo ndi mu mtsempha waukulu wonyamula uthenga wa ululu wa kunkhope ndi kumutu, umene uli ndi nthambi zitatu mbali iliyonse. Mwa anthu ena, kawirikawiri motengera kumtundu, mtsempha umenewu sumachedwa kudzuka. Njala, kusagona, dzuwa, nkhawa, kapena kutsika kwa mahomoni masiku oyandikira msambo zimaudzutsa. N'chifukwa chake mutu wanu unkayendera limodzi ndi mwezi, ndiponso n'chifukwa chake matendawa amavutitsa amayi ochuluka kuposa abambo, kuwirikiza kawiri kapena katatu.

Ndiye magazi oipa oti atulutsidwe kulibe. Mtsempha umene mumauona ukugunda m'litsipa uli ndi magazi omwewo amene ali m'dzanja lanu. Mphini ndakumana nazo zambirimbiri. Ndikamapima wodwala mutu, ndimapatula tsitsi pafupi ndi khutu ndipo ndimapeza timizere takuda titatu kapena tinayi, tina takale tina tatsopano, chizindikiro choti anatemedwa, mutu unabwerera, anakatemedwanso. Amene amati mphini zinawathandiza sanama: chilonda chatsopano chimasokoneza ululu wakale monga imachitira nsalu, ndipo mutu waching'alang'ala umatha wokha pakapita tsiku kapena awiri, kaya mwatema kaya ayi. Chimene chachitidwa chomaliza ndicho chimatenga ulemu. Koma mtengo wake ndi wokwera. Lezala logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B. Phulusa ndi mizu yopaka pachilonda zimatha kulowetsa kafumbata. Ndipo m'litsipa mtsempha wa magazi uli pafupi kwambiri ndi khungu. Pa mphini pokha ndikukupemphani, musalole. Apongozi akufuna muchire, zimenezo musakayike, ndipo mukhoza kuwapempha kuti ulendo umene amafuna kukuperekezaniwo ukhale wa kuchipatala.

Ngati mukufuna kupitiriza kumanga, mangani, koma mwanzeru. Nsalu ikhale yotambalala, osati chingwe kapena mphira wa chubu. Chala chimodzi chizitha kulowa pansi pake. Isadutse pamaso, ndipo isafike m'khosi. Pakatha mphindi 20 kapena 30 masulani, ndipo musagone nayo usiku wonse. Chifukwa chake n'chakuti kufinya mutu nthawi yaitali kumayambitsa mutu wakewake, umene uli m'buku la mitundu ya mutu limene madokotala a dziko lonse amagwiritsa ntchito. Umagwira anthu ovala chipewa cholimba cha njinga yamoto chothina, magalasi osambirira, kapena duku lokokedwa kwambiri, ndipo umadziwika chifukwa umatha pasanathe ola chinthucho chikavulidwa. Mchemwali wake ndi mutu wa tsitsi lolukidwa mokoka, umene mayi aliyense amaudziwa usiku woyamba atachoka kosaluni. Palinso anthu ambiri amene mutu waching'alang'ala ukakhazikika, khungu la kumutu limawawa ngakhale ndi chipeso. Zikafika pamenepo nsalu imangowonjezera moto.

Kuviika nsaluyo m'madzi ozizira a mumtsuko kumaposa kuimanga youma. Kuzizira kuli ndi umboni wochulukirapo pang'ono kuposa kufinya, ngakhale nakonso n'kongopepuza. Ena amapeza bwino akaika nsalu yozizira pakhosi m'malo mwa pamphumi.

Za bipi ndinena mwachidule, ngakhale bodza lake ndi lofala kuposa la nsalu. Kuthamanga kwa magazi kwa masiku onse, monga 150/95, nthawi zambiri sikupweteketsa mutu. Munthu amatha kukhala nako zaka, akulima, akuseka, mpaka tsiku la sitiroko. Amene amadikira mutu kuti amwe mapilitsi a bipi amadziika pangozi, ndipo amene amati mutu uliwonse ndi bipi amasiya kufufuza chenicheni. Komanso mukayezetsa mutu uli m'kati mopweteka, manambala amatha kukwera chifukwa cha ululuwo. Bambo awonetseni ulemu poyezetsa, kawiri kapena katatu pa masiku osiyana, mutakhala pansi mphindi zisanu, mutu usakupweteka. Bipi imene imabweretsa mutu ndi yokwera kwambiri, kufika 180/120 kapena kupitirira, ndipo imeneyo ndi ya kuchipatala tsiku lomwelo. Zimasintha kwa mayi woyembekezera, tifikako.

Tsopano chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu si nsalu, si mphini, si bipi. Ndi panado wa m'chikwama uja. Tonse tinakula tikudziwa kuti panado alibe vuto, ndipo pa mlingo wake ndi mankhwala abwino: munthu wamkulu amamwa mapilitsi awiri a mamiligalamu 500, osabwereza pasanathe maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, osapitirira mapilitsi 8 patsiku, chifukwa kupitirira apo chiwindi chimawonongeka. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kwa munthu wa mutu waching'alang'ala, kuchuluka kwa masiku n'kofunika ngati kuchuluka kwa mapilitsi. Mukamamwa panado, bulufeni kapena asipulini masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi, kwa miyezi yopitirira itatu, mankhwalawo amayamba kubweretsa mutu okha. Kwa mapilitsi osakaniza, amene ali ndi kafini kapena kodini m'kati, malire ake ndi masiku 10 okha. Ubongo umazolowera, mankhwala akatha m'thupi usiku mutu umadzuka, m'mawa mumamwanso, mumapezako bwino, ndipo mumakhulupirira kuti pilitsi ndilo likukusungani. Mutu wake si waukali ngati uja wosanzitsa. Ndi wolemera, wa mutu wonse, wodzuka nawo. Taonaninso mmene mwalembera.

Ndikukumbukira mayi wina wogulitsa mandasi amene anabwera atamanga mpango mpaka unasiya mzere pamphumi. Anali atayezetsa malungo kangapo osawapeza, atagula magalasi a pamsika, atatemedwa mphini mbali zonse. Nditamufunsa kuti amamwa mapilitsi angati, anati ochepa. Ndinamupatsa pepala kuti kwa mwezi umodzi azilemba mtanda tsiku lililonse limene mutu wapweteka, ndi kadontho tsiku limene wamwa pilitsi. Anabwera ndi mitanda 26 ndi madontho 24. Anangoti kukamwa yasa, chifukwa ankagula awiriawiri pa okala ndipo sanawerengepo. Nditamupima n'kuona kuti palibe chizindikiro choopsa, tinagwirizana kuti asiye mapilitsi onse a ululu kwa mwezi wathunthu, ndipo ndinamuyambitsa mankhwala oteteza omwa usiku. Ndinamuuziratu kuti sabata yoyamba idzakhala yowawa, ndipo inawawadi. Tsiku lachinayi anabwera akulira, akusanza, akuti ndamulakwira. Masiku amenewo mpango wake woviika m'madzi unagwira ntchito yeniyeni, pamodzi ndi mdima, phala ndi madzi akumwa. Sabata yachitatu anayamba kudzuka mutu uli wopepuka masiku ena. Mwezi wachitatu pepala lake linali ndi mitanda isanu, inayi mwa iyo itaunjikana pafupi ndi msambo. Mutu waching'alang'ala sunathe, koma unabwerera m'khola mwake, ndipo pilitsi linayambanso kugwira ntchito likamwedwa.

Si onse zimawayendera bwino chonchi, ndipo ena amabwerera ku mapilitsi n'kuyambanso. Koma njira ndi imeneyi, ndipo ndibwino kuiyenda ndi dokotala. Yambani ndi pepala lero. Lembani masiku a mutu, masiku a pilitsi, ndi masiku a msambo. Mankhwala oteteza amene amapezeka m'zipatala zambiri ndi amitiripitilini, woyamba ndi mlingo wochepa usiku, ndi puropuranololo. Woyambayo amaumitsa kukamwa ndi kugonetsa. Mukamva kuti ndi mankhwala a matenda a nkhawa musadabwe, pa mlingo wochepa amagwira ntchito pa mitsempha ya ululu. Wachiwiriyo saperekedwa kwa munthu wa mphumu. Onsewa sathetsa mutu wa lero, amachepetsa mitu ya mwezi wamawa, ndipo muyenera kuwapatsa miyezi iwiri kapena itatu musanaweruze. Ambiri amasiya sabata yachiwiri n'kumati sakugwira. Ngati muli ndi pakati kapena mukufuna pakati, nenani asanakulembereni.

Mukadzabwerera ku mitu yowerengeka, lamulo lake ndi ili: imwani msanga mutu ukangoyamba, mlingo wokwanira, osati theka la pilitsi mutadikira mpaka madzulo, ndipo musapitirire masiku awiri pa sabata. Kwa ambiri bulufeni wa mamiligalamu 400, womwera pa chakudya, amaposa panado pa mutu waching'alang'ala, koma si wa munthu wa zilonda za m'mimba, wa vuto la impso, kapena woyembekezera. Ntchito yanunso ili ndi mbali yake. Telala nyengo ya mayunifolomu ndi maukwati amaweramira makina kuyambira m'mawa, nsima ya masana n'kuidya madzulo, madzi osamwa poopa kudzukadzuka. Khosi limauma, ndipo njala ndi imodzi mwa zodzutsa mutu zodziwika kwambiri. Botolo la madzi pambali pa makina, chakudya pa nthawi yake, kuimirira pakatha ola lililonse, ndi kugona nthawi yofanana tsiku lililonse zimaoneka zazing'ono, koma pa pepala lanu zidzaoneka.

Pali funso limodzi limene simunalitchule ndipo ndimafunsa mayi aliyense wa msinkhu wanu. Mutu usanayambe, kodi mumaona timizere tothwanima, kapena mbali ina ya zinthu kuzimiririka, kapena dzanja ndi milomo kuchita dzanzi kwa mphindi zingapo mpaka ola? Ngati ndi choncho, mapilitsi olera a mahomoni awiri si anu, chifukwa amawonjezera chiopsezo cha sitiroko mwa amayi otere, makamaka osuta fodya. Njira zina zolera zilipo zambiri. Auzeni anamwino a kulera za mutu wanu.

Kuopsa kwenikweni kwa nsalu ndi masiku amene imadya pamene mutu uli wa mtundu wina. Mutu umene wagwa mwadzidzidzi ngati wina wakumenyani ndi chibonga, n'kufika pachimake pasanathe mphindi imodzi, ukhoza kukhala magazi otayikira m'mutu, ndipo ndi wothamangira nawo nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Chimodzimodzi mutu wobwera ndi kufooka kwa mkono kapena mwendo, kukamwa kupotoka, kulankhula kosamveka, kukomoka, kapena kusokonezeka maganizo. Mutu wa thupi lotentha umafuna kuyezetsa malungo, kumene kumangotenga mphindi 20, osati kugula mankhwala a malungo mongoganizira. Khosi likauma moti chibwano sichifika pachifuwa, tikuopa matenda oumitsa khosi. Mayi woyembekezera amene wapitirira masabata 20, kapena amene wangobereka kumene, akamva mutu waukali, maso kuchita chidima, nkhope ndi manja kutupa, asamange nsalu. Kwa iye ngakhale 140/90 ndi nkhani, ndipo kuchedwa kumathera m'kukomoka. Mutu watsopano mwa munthu wopitirira zaka 50, mutu wotsatira kugwa kapena ngozi ya pamsewu ngakhale patapita masabata, ndi mutu womakulirakulira wosanzitsa m'mawa, yonseyi ndi yopimitsa msanga. Ndipo m'miyezi yozizira, anthu a nyumba imodzi akadzuka onse mutu ukuwawa atagona ndi mbaula m'chipinda chotseka, ndi mpweya wa makala. Tulukani panja, tsegulani mazenera, ndipo wofooka apite kuchipatala.

Umene wandilanda odwala ambiri ndi uwu. Munthu amene ali ndi HIV, makamaka amene sakudziwa kapena anasiya ma ARV, amatha kudwala matenda oumitsa khosi oyambitsidwa ndi kafangasi. Amabwera mwakachetechete: mutu wa sabata imodzi, ziwiri, zitatu, nthawi zina thupi losatentha n'komwe, khosi lofewa. Ndi mutu womangidwa nsalu kunyumba mpaka munthu atayamba kubwebweta. Pofuna kutsimikiza timatenga madzi a pamsana, ndipo apa pali bodza lina lopha anthu, loti jakisoni wa pamsana amapha. Amene amamwalira atatengedwa madziwo kawirikawiri amakhala kuti anafika matenda atapita kale patali. Pa matenda amenewa kutulutsa madziwo kumachepetsa kuthinana m'mutu, ndipo ndaona odwala akutsegula maso n'kupempha phala singano itangochoka. Chithandizo chakenso chapepuka: kafukufuku amene zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zinatengapo mbali, wofalitsidwa mu 2022, anasonyeza kuti diripi imodzi yamphamvu pamodzi ndi mapilitsi imagwira ntchito mofanana ndi madiripi a sabata yathunthu. Mutu wanu wasintha khalidwe chaka chino, choncho ngati papita nthawi musanayezetse HIV, pemphani akuyezeni pa ulendo womwewo.

Popita kuchipatala tengani buku lanu la umoyo, pepala la mitanda lija ngakhale litangokwana masabata awiri, ndi timapaketi ta mapilitsi onse amene mwakhala mukumwa, kuphatikizapo olera. Pamzere nthawi imachepa, ndiye musangoti mutu ukundipweteka, chifukwa mudzabwerako ndi panado yemweyo. Nenani kuti mutu wa mbali imodzi wosanzitsa munayamba nawo muli mtsikana, kuti chaka chino wasanduka wa tsiku ndi tsiku, kuti mapilitsi mukumwa masiku akutiakuti pamwezi, ndipo mukufuna kudziwa ngati mungayambe mankhwala oteteza.